Kawerengedwe ka chiwongoladzanja m'banki m'khonde, ndi tanthauzo la balansi ya m'kabuku kanu

Mkangano wa tsiku logawana nthawi zambiri umayamba pamene mlembi watchula ndalama za munthu. Mayi wina amaimirira n'kunena kuti, "Amlembi, inetu ndasunga miyezi 10 pa gulu lobwereketsa pa 20 peresenti, ndiye ndalama zanga zingakhale zimenezi?" Nthawi zambiri mlembi sanabe kalikonse, ndipo mayiyo sakunama. Onse akutchula 20 peresenti imodzimodziyo koma akutanthauza zinthu zosiyana, ndipo nambala ya m'kabuku aliyense akuimva mwa njira yake. Ndakhala pafupi ndi mabuku a banki m'khonde nthawi yokwanira kuona maubale akuwonongeka pa nkhani imeneyi, chonsecho ndi masamu oti cholembera ndi foni zimatha m'mphindi zochepa.

Banki m'khonde zambiri zimatsata dongosolo limene bungwe la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991. Anthu osapitirira 25 amagula masheya, kuyambira imodzi kulekeza zisanu pa msonkhano. Sheya iliyonse imadindidwa m'kabuku, ndalama zimasungidwa m'bokosi la maloko atatu, ndipo pakatha miyezi 9 kapena 12 amagawana. Magulu ena anasintha zina ndi zina, ena amatumizirana pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, koma masamu ake sasintha. Manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi achitsanzo chabe, inu muikemo a gulu lanu.

Yambani ndi kufunsa kuti 20 peresentiyo ikuikidwa pa ndalama ziti

Gulu likanena kuti chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pa mwezi, likunena za ngongole. Amene wabwereka K100 amaikapo K20 mwezi ukatha. Lamulo limeneli silikunena kuti masheya anu azikula ndi K20 pa K100 iliyonse mwezi ndi mwezi. Ku banki yeniyeni kapena ku SACCO amatha kukuuziranitu chiwongoladzanja cha ndalama zosunga. Banki m'khonde silonjeza choncho, ndipo singathe, chifukwa phindu lake limachokera m'matumba a mamembala omwewo akabwereka n'kubweza. Mwezi umene palibe wabwereka, bokosi silibereka kanthu.

Choncho tsegulani malamulo a gulu, muone ngati ayankha mafunso awa. Kodi chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama imene munthu anatenga poyamba, kapena pa imene yatsala? Nanga munthu akalephera kupereka mwezi uno, chiwongoladzanjacho chimangodikira pambali kapena chimalowa mu ngongole? Ngati malamulo ali chete pa zimenezi, ndiye kuti mlembi aliyense wakhala akuwerenga monga akuonera, ndipo muyenera kugwirizana chimodzi pa msonkhano wotsatira.

Werengani ngongole imodzi m'njira zonse ziwiri

Tiyerekeze kuti mwabwereka K50,000 pa 20 peresenti pa mwezi, ndipo simunapereke kalikonse mpaka miyezi itatu.

Njira yoyamba ndi chiwongoladzanja chosabereka. Chimawerengedwa pa K50,000 yoyamba ija basi. Mwezi uliwonse ndi K10,000, miyezi itatu ndi K30,000, ndipo mubweza K80,000. Mwezi wachinayi ukadutsa muwonjezera K10,000 ina, ndipo zizipita choncho ndi sitepe yofanana.

Njira yachiwiri ndi chiwongoladzanja chobereka. Mwezi woyamba ukatha, K10,000 imene simunapereke ija imaphatikizidwa ku ngongole, ndipo mlembi amalemba K60,000 ngati ngongole yatsopano. Mwezi wachiwiri 20 peresenti ikuikidwa pa K60,000, ndiye kuti K12,000, ngongole n'kufika K72,000. Mwezi wachitatu ndi K14,400, ndipo mubweza K86,400. Aliyense woweta mbuzi amazidziwa izi: mbuzi yabereka, msoti wake wakula, nawonso wayamba kubereka. Pa foni mungowerenga motere, n'kuchulukitsa kamodzi pa mwezi uliwonse:

```
50000 × 1.2 × 1.2 × 1.2 = 86400
```

Ngati gulu lanu limabwereketsa pa 10 peresenti, ikani 1.1 m'malo mwa 1.2.

Pa miyezi itatu njira ziwirizi zangosiyana ndi K6,400, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri sazilabadira. Pa miyezi isanu ndi umodzi njira yoyamba ikupereka K110,000, yachiwiri K149,299. Chaka chikatha, yoyamba ndi K170,000 pomwe yachiwiri yadutsa K445,000. Ngongole ya K50,000 imene munthu anagulira feteleza ikafika pamenepo sabwezanso, amangosiya kubwera ku misonkhano, ndipo gulu limayamba kukamba zokalanda malata kapena njinga. Ine ndimaona kuti gulu limene lasankha chobereka liyenera kuikiratu malire a miyezi, monga itatu, ndipo ikakwana ngongoleyo iime kukula, akambirane za kabwezedwe. Kupanda kutero banki m'khonde imasanduka katapila pakati pa anthu opempherera limodzi.

Mlembi angathe kumawerenga chobereka osadziwa n'komwe. Chizindikiro chake n'chapafupi. Yang'anani mzere wa chiwongoladzanja pa ngongole imene sinabwezedweko. Ngati nambala yake ikufanana mwezi ndi mwezi, ndi chosabereka. Ngati ikukwera, 10,000 kenako 12,000 kenako 14,400, ndi chobereka. Mawu akuti "tangoilembanso mwatsopano" ndiwo amabisa zimenezi kawirikawiri.

Palinso pena pamene pamapsetsa mitima, pa munthu amene akubweza pang'onopang'ono. Mwezi woyamba wabwera ndi K30,000. Pa ndalamayi K10,000 ndi chiwongoladzanja, K20,000 yachepetsa ngongole, ndipo yatsala K30,000. Mwezi wachiwiri apereke zingati? Gulu lowerengera pa zotsala limufunsa K6,000. Gulu lowerengera pa ndalama yoyamba limufunsabe K10,000, imene pa K30,000 ili m'manja mwakeyo ndi yoposa 33 peresenti. Njira zonsezi zimapezeka m'magulu, koma yachiwiriyi imalanga amene akuyesetsa kubweza msanga, ndipo anthu akaizindikira amaleka kubweza pang'onopang'ono n'kumadikira tsiku lomaliza. Bokosi limauma pakati pa ulendo chifukwa cha lamulo limeneli.

Tsopano tembenukirani ku masheya anu

Mayi uja tinene kuti amagula masheya a K20,000 mwezi uliwonse, sheya imodzi K1,000, kwa miyezi 10. Waika K200,000 ndipo m'kabuku mwake muli zidindo 200.

Kunyumba amawerengera yekha. Akatsata chosabereka, K20,000 ya mwezi woyamba yakhala miyezi 10, ya mwezi wachiwiri miyezi 9, mpaka yomaliza imene yakhala mwezi umodzi. Akaphatikiza 10, 9, 8 mpaka 1 akupeza 55. K20,000 iliyonse imabala K4,000 pa mwezi, ndiye 55 kuchulukitsa ndi K4,000 ndi K220,000. Akuyembekezera K420,000. Mwana wake wa ku sekondale akamuwerengera chobereka, nambala ikufika pa K623,000. Manambala onsewa masamu ake ndi olondola, koma onse aima pa chinthu chimene sichichitika m'gulu lililonse: kuti kwacha iliyonse inabwerekedwa tsiku lomwelo imene inalowa m'bokosi, inakhala kunja mwezi uliwonse mpaka tsiku logawana, ndipo wobwereka aliyense anabweza pa nthawi yake.

N'zoona kuti bokosi la gulu lili ndi khalidwe lobereka. Chiwongoladzanja chimene wina wabweza lero chimabwerekedwa kwa wina lero lomwe, ndipo mwezi wamawa nachonso chibwera ndi chake. N'chifukwa chake magulu oyenda bwino amapeza phindu looneka. Koma kuberekako kumaduka m'malo ambiri. Miyezi ina ofuna ngongole amachepa, ndalama n'kugona m'bokosi. Lamulo loti munthu asabwereke zoposa katatu masheya ake limachititsanso kuti ndalama zina zitsale, ngakhale ndi lamulo labwino limene sindingalangize gulu kulichotsa. Kumapeto, mwezi umodzi kapena iwiri kugawana kusanafike, gulu limasiya kubwereketsa kuti litolere, ndipo imeneyi ndi nthawi imene bokosi lili ndi ndalama zambiri kuposa nthawi ina iliyonse. Masheya a miyezi yomalizayo sagwira ntchito n'komwe.

Dziwani kuti balansi imene mukuiona ndi iti

Mawu akuti balansi m'gulu amatchulidwa pa zinthu zosiyana, ndipo munthu akamva amangoganiza kuti ndi ndalama zake zomuyembekezera.

Balansi ya m'kabuku kanu ndi chiwerengero cha masheya amene mwagula, kuchotsapo amene munagulitsa kapena amene gulu linadula. Ikuonetsa zimene munaika ndiponso gawo lanu poyerekeza ndi anzanu. Mulibemo phindu, komanso sichitsimikizo choti ndalamazo zilipo.

Balansi imene owerenga ndalama amalengeza potseka msonkhano ndi ndalama zimene zili m'bokosi tsiku limenelo. Ikakhala yochepa musachite mantha, chifukwa gulu limene ndalama zake zili kunja ndi limene likupindula. Bokosi lodzaza pakati pa chaka ndilo loyenera kudandaulitsa, pa phindu komanso pa akuba.

Kenako pali balansi ya ngongole, imene ndi zimene munthu atsala nazo kuti abweze. Imeneyi ndi chuma cha gulu pa pepala, mpaka tsiku limene idzawerengedwe pa mphasa.

Thumba la zangozi, lothandizira pa maliro ndi matenda, lisalowe m'masamu amenewa. Lili ndi kathumba kake ndi tsamba lake.

Kuti mudziwe mtengo weniweni wa masheya anu pakati pa ulendo, chitani izi pa msonkhano, aliyense akuona. Werengani ndalama za m'bokosi. Phatikizani ngongole zonse zimene zili kunja, mutenge mutu wa ngongole wokha, osaikamo chiwongoladzanja chimene sichinaperekedwe. Phatikizani ziwirizi. Kenako sonkhanitsani timabuku tonse muwerenge zidindo, ndipo mugawe ndalama zija ndi chiwerengero cha masheya.

Tinene kuti ndi mwezi wachisanu ndi chimodzi m'gulu la anthu 20. M'bokosi muli K350,000, kunja kuli K1,450,000, zonse pamodzi K1,800,000. Masheya onse ndi 1,500. Sheya imodzi ikukwana K1,200. Mayi uja ali ndi masheya 120, m'kabuku mwake mukuoneka K120,000, koma gawo lake lero ndi K144,000.

Musalekere pamenepo. Bwererani ku tsamba la ngongole mulembe chizindikiro pa iliyonse imene yadutsa tsiku lake. Tinene kuti zikukwana K300,000, za anthu atatu, ndipo mmodzi wa iwo sanaoneke misonkhano inayi. Chotsani K300,000 pa K1,800,000, mutsala ndi K1,500,000. Gawaninso ndi masheya 1,500, sheya yabwerera pa K1,000. Phindu lonse la miyezi isanu ndi umodzi lili m'manja mwa anthu atatu. Nambala yachiwiriyi ndi imene ndimafuna kuti wapampando azilengeza mwezi uliwonse pamodzi ndi yoyamba, chifukwa ikamveka poyera gulu lonse limadzuka kukalondola ngongole nthawi ikadalipo. Zikadziwika mwezi wa 10, pamakhala pakungotsala kulozana zala.

Masamu omwewa amathandizanso kugwira cholakwa cha m'mabuku. Ndalama za masheya onse, kuphatikiza chiwongoladzanja chimene chaperekedwa ndi zindapusa, kuchotsa zimene gulu lagulira zinthu, ziyenera kufanana ndi za m'bokosi kuphatikiza ngongole za kunja. Zikasiyana, yambani mwaganiza za kulakwitsa musanaganize za kuba. Kawirikawiri ndi chidindo chodindidwa kawiri, kapena ndalama imene inatumizidwa pa foni ya msungichuma koma sinalembedwe, kapena ndalama yotapira pa ejenti imene palibe anaiwerengera.

Tsiku logawana

Apa pepala limasiya kulamula, zimalamula ndi ndalama zimene zili pa mphasa. Gulu lija lafika mwezi wa 10 ndi masheya 2,500, ndiye kuti K2,500,000 yoikidwa ndi mamembala. Chiwongoladzanja chimene chinatoleredwa chaka chonse ndi K900,000, zindapusa za kuchedwa ndi kujomba K30,000. Mabuku, inki ndi loko watsopano zinadya K20,000. Ngongole imene yakanikiratu kubwera ndi K160,000, titachotsa kale zimene masheya a eni ake akanatha kulipira. Pa mphasa pali K3,250,000.

```
3250000 ÷ 2500 = 1300
```

Sheya ya K1,000 yatuluka pa K1,300. Mayi wa masheya 200 alandira K260,000. Phindu lake ndi K60,000, kapena kuti 30 peresenti pa ulendo wonse, m'gulu limene limabwereketsa pa 20 peresenti pa mwezi. Sanaberedwe. Kusiyana kwa K260,000 ndi K420,000 imene ankayembekezera ndi miyezi ija ndalama zinagona m'bokosi, miyezi yotolera, ndi ngongole yosabwezedwa.

Ngongole ya K160,000 ija ikanabwera, sheya ikanakhala K1,364. Ndiye kuti membala aliyense wataya K64 pa sheya, ndipo mayiyu wataya K12,800. Cholakwa chimene ndachiona kangapo ndi choti mlembi amagawa ndi nambala ya pa pepala ya K1,364, poganiza kuti wangongoleyo abwera nazo madzulo. Oyamba kuitanidwa amalandira zodzaza, ndipo pofika kwa awiri omaliza ndalama zatha. Werengani zili pa mphasa, gawani zimenezo, ndipo ikani ndalama za aliyense pa mulu wake musanapereke kwa munthu ndi mmodzi yemwe. Ngongole ikadzabwera pambuyo, mudzagawanenso potsata masheya omwewo.

Ngati membala wafika tsiku logawana ali ndi ngongole, gulu limadula masheya ake kuti ailipire. Gwirizananitu ngati mudzadula pa mtengo wogulira wa K1,000 kapena pa mtengo watsopano. Pa ngongole ya K39,000, njira yoyamba imudya masheya 39, yachiwiri masheya 30, ndipo pa masheya 9 amenewo anthu amatha kukanganirana mpaka kwa amfumu.

Funsani chimene mwapeza inuyo panokha

K60,000 ija si phindu lanu lonse ngati munabwerekako. Ngati mayiyu ndi yemwe anatenga K50,000 n'kupereka K30,000 ya chiwongoladzanja, ndiye kuti theka la phindu lake ndi ndalama yake yomwe imene yazungulira n'kubwerera. Zimenezi sizoipa ngati ngongoleyo inapita ku geni ya tomato kapena usipa imene inabala zoposa K30,000. Koma magulu amene amakakamiza membala aliyense kubwereka, ngakhale alibe chochita nazo, amaonetsa nambala yaikulu pogawana pomwe anthu angobwezeredwa zimene anawatapa m'thumba. Magulu ena amabwezera munthu aliyense chiwongoladzanja chimene iye mwini anapereka m'malo mogawa pa masheya. Ngati lanu limatero, masamu a mtengo wa sheya amene ndaonetsawa sagwira, ndipo wosunga wosabwereka angotenga zimene anaika.

Pali kukondera kwina kumene kugawa pa masheya kumabweretsa. Sheya yogulidwa mwezi woyamba yagwira ntchito ulendo wonse, pomwe yogulidwa mwezi wa 10 sinatuluke m'bokosi, koma zonse zilandira K1,300. Munthu wochenjera amagula imodzi imodzi chaka chonse, kenako kumapeto n'kumagula zisanu zisanu. Malire a masheya asanu pa msonkhano anaikidwa kuti achepetse zimenezi, ndiye musalole munthu kugula masheya a misonkhano imene inadutsa kale, makamaka kugawana kukayandikira. Magulu ena amangotseka kugula masheya mwezi umene asiya kubwereketsa, ndipo ine ndimagwirizana nawo.

Potsiriza yesani ndalamazo ndi mtengo wa zinthu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo magulu amene anagawana Disembala wa chaka chimenecho anapeza mitengo ya m'sitolo itasintha kale. Lembani kuchikuto kwa kabuku kanu mtengo wa thumba la feteleza kapena la chimanga pa tsiku limene gulu layamba. Tsiku logawana mufunsenso mtengo, mugawe ndalama zimene mwalandira ndi mtengo watsopanowo, muone ngati K260,000 ikugula matumba ochuluka kuposa amene K200,000 ikanagula pamene munkayamba.